Chounjika Sichithetsa Chisokonezo Chilichonse, Chimathetsa Chomwe Chimafanana Nacho

Akatswiri okonza zida zodziwongolera zokha ali ndi mkangano womwe umayambiranso nthawi iliyonse pamene chida chooneka kuti chinakonzedwa bwino chakana kufika pomwe chalamulidwa. Ena amati chowongolera cha mtundu wa PI n'chokwanira, popeza chili ndi chigawo chomwe chimaunjika mpata wa pakati pa chofunidwa ndi choyezedwa mpaka mpatawo utatha, ndipo mpata ukatsala ndiye kuti wokonza anaumira pokweza manambala. Ena amati chigawo chounjikacho chili ndi mdani mmodzi yekha yemwe chimamugonjetseratu, chisokonezo chosasintha, ndipo chisokonezo chikabwera ngati funde la sayini, lokwera ndi kutsika mosalekeza, mpata sungafike pa ziro ngakhale manambala atakwezedwa motani. Ine ndili mbali yachiwiriyi, ngakhale ndikuona kuti oyambawo ali ndi mfundo zina zolemera zomwe siziyenera kukankhidwira pambali. Mkanganowu suthera m'mabuku. Umaonekera m'mainveta a sola omwe amathira magetsi m'mawaya a 50 Hz, monga a kuno kwathu, momwe chisokonezo chachikulu ndi funde lenilenilo.

Tiyambe ndi zomwe chounjika chimachita. Chowongolera chimaona chinthu chimodzi chokha, mpata. Chigawo chake choyamba chimachulukitsa mpatawo ndi nambala Kp n'kutumiza lamulo, choncho mpata ukakhala ziro, lamulonso ndi ziro. Apa pali vuto, chifukwa ngati chisokonezo chikukankhabe, pafunika lamulo lochibweza, ndipo chigawochi sichingatulutse lamulo popanda mpata woti chichulukitse. Chimasiya mpata wina kuti chipeze pogwira. Chounjika n'chosiyana: chimaphatikiza mpata wonse wa m'mbuyo, ndipo mpata ukatha sichibwerera ku ziro koma chimaima pomwe chafika n'kumatulutsabe nambala yomweyo. Nicolas Minorsky anafotokoza zimenezi mu 1922 polemba za kuwongolera sitima zapamadzi, pomwe mphepo yokankha mbali imodzi mosalekeza imafuna kuti chiwongolero chikhale chopendekeka ngakhale sitima ili kale panjira yake. Chomwe chikuyenera kugwiridwa bwino n'chakuti mphamvu ya chounjika siili m'kukumbukira zakale chabe. Ili m'kutha kutulutsa nambala yosasintha pamene cholowa chake ndi ziro. Chimenecho n'chifanizo chenicheni cha chisokonezo chosasintha, chosungidwa mkati mwa chowongolera.

Bruce Francis ndi Murray Wonham, ali ku yunivesite ya Toronto, ndi omwe anaika ganizoli m'masamu olimba m'zolemba zawo za mu 1975 ndi 1976, ndipo limadziwika kuti mfundo ya chifanizo cha mkati. Mfundoyi imati ngati tikufuna kuti mpata ufike pa ziro, ndiponso ukhalebe pa ziro ngakhale chida chitasinthako pang'ono, chowongolera chiyenera kukhala ndi chifanizo cha chomwe chimabala chisokonezocho, ndipo dongosolo lonse likhale lokhazikika. Chifukwa chake n'chosavuta kutsata. Mpata ukakhaladi ziro, chowongolera sichikulandira kanthu, komabe chiyenera kutulutsa lamulo looneka ngati chisokonezo chotembenuzidwa. Funso ndi lakuti chingatulutse chiyani chokha popanda cholowa. Chounjika, chomwe masamu ake ndi 1/s, chingatulutse nambala yosasintha basi. Funde la sayini limabadwa m'chinthu china, chomwe masamu ake ali ndi s² + ω² pansi pa mzere. Chowongolera chopanda chimenechi chikafuna kutulutsa funde, chiyenera kulandira funde, ndipo funde lomwe chimalandira ndi mpata womwe timafuna kuthetsawo.

Manambala athandiza kuti tisakanganirane mawu okha. Tiyerekeze inveta yomwe ikukankha karenti kudzera m'koyilo ya L = 5 mH yokhala ndi R = 0.5 Ω, ndipo chowongolera chili ndi Kp = 10 ndi Ki = 1000. Pali chisokonezo cha voteji, d, chomwe chimalowa pamalo pomwe lamulo limalowera. Tikaika kaye pambali kuchedwa kwa kompyuta, mpata wa karenti umapezeka motere:

```
e = d / (Ls + R + C(s))
C(s) = Kp + Ki/s
```

Tiyese chisokonezo chosasintha cha mavoti 10. Popanda chounjika, pansi pa mzere pamatsala R ndi Kp, zomwe pamodzi ndi 10.5, ndipo mpata umakhazikika pa 0.95 A mpaka kalekale. Tikabwezeretsa chounjika, Ki/s imakula mopanda malire pamene s ikuyandikira ziro, ndipo mpata umatheratu. Mizu ya dongosololi ili pa −100 ndi −2000, kutanthauza kuti pakatha mamilisekondi 50 mpata watsala wosakwana gawo limodzi mwa magawo 100. Chounjika chakwera mpaka mavoti 10 n'kuima pomwepo. Koyilo ikatentha n'kusintha, kapena wina akaikamo ya 4 mH, chounjika chimafikabe pomwe chikufunika, chifukwa sichileka kuyenda mpata usanathe. Uku ndi kupambana kwenikweni, ndipo n'komwe kumapangitsa anthu kukhulupirira kuti chounjika chingathe zonse.

Tsopano mavoti 10 omwewo abwere ngati funde la 50 Hz, lomwe ω yake ndi pafupifupi 314. Popanda chounjika, koyilo imawonjezera 1.57 pambali pa 10.5 uja, kukula kwa zonse kumakhala 10.62, ndipo mpata ndi funde lofika 0.94 A. Tikabwezeretsa chounjika, mphamvu yake pa firikwensi imeneyi ndi 1000 kugawa ndi 314, yomwe ndi 3.18 yokha, ndipo imakokera mbali yotsutsana ndi koyilo, kotero kuti chotsala ndi 1.61. Kukula kwa zonse kumakhalanso 10.62, ndipo mpata ndi 0.94 A womwewo. Chigawo chomwe chinafafaniza chisokonezo chosasintha sichinasinthe kalikonse pano. Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, zomwe chimaunjika pa theka loyamba la funde chimazitayanso pa theka lachiwiri, choncho sichipeza nthawi yokula. Chachiwiri, yankho lake limachedwa ndi kota ya funde, mamilisekondi 5 pa 50 Hz, kotero chimakankha mwamphamvu kwambiri pamene mpata ukudutsa pa ziro, ndipo sichikankha pamene mpata uli pamwamba penipeni. Woyang'ana pa sikirini ya choyezera amaona karenti yosalala bwino, koma yocheperako ndiponso yosemphana pang'ono ndi funde lofunidwa, ndipo kudikira sikuisintha. Chimenecho n'chizindikiro chakuti vuto si kuchedwa kukhazikika koma kusowa kwa chifanizo.

Oteteza PI amayankha kuti Ki = 1000 ndi nambala yamantha, ndipo akunena zoona kuti kuikweza kumathandiza. Kunena kuti chounjika sichichita kanthu pa funde lililonse n'kunama: funde likakhala lapang'onopang'ono kwambiri, chimalichepetsa ndithu, chifukwa mphamvu yake imakula pamene firikwensi ikutsika. Koma tione mtengo wake pa 50 Hz. Ki ikakwezedwa kakhumi kufika 10000, mpata umatsika kufika 0.31 A, kutanthauza kuti watsika katatu kokha. Pa nthawi yomweyo, funde la 250 Hz, lomwe limapezeka kawirikawiri m'mawaya okhala ndi zida zosandutsa magetsi, limayamba kudutsa mosavuta: mavoti 10 pa firikwensi imeneyo ankabala 0.76 A popanda chounjika, tsopano akubala 0.94 A. Zomwe zapanikizidwa pamalo amodzi zatulukira pena, monga Hendrik Bode anasonyezera m'buku lake la mu 1945. Ki ikakwezedwanso kufika 100000, papepala mpata wa 50 Hz umatsika kufika 0.03 A, koma malire a kukhazikika amatsala madigiri 26 okha. Kompyuta yoyeza ka 10000 pa sekondi imachedwa ndi mamayikirosekondi pafupifupi 150 pakati pa kuyeza ndi kufika kwa lamulo, ndipo pa firikwensi yomwe malirewo amawerengedwera, kuchedwa kumeneko kumadya madigiri 40. Inveta yotero siikhazikika: karenti imayamba kugwedezeka mokulirakulira mpaka chitetezo chitaizimitsa. Njira yokweza manambala imathera pakhoma isanafike pa ziro.

Mfundo ya Francis ndi Wonham imaloza njira ina, yakuti m'malo mokweza mphamvu paliponse, tiike chifanizo cha fundelo mkati mwa chowongolera. Chowongolera chotere chimatchedwa PR, ndipo Daniel Zmood ndi Grahame Holmes anathandiza kuchifalitsa pa nkhani ya mainveta m'cholemba chawo cha mu 2003.

```
C(s) = Kp + Kr·s / (s² + ω0²)
```

Chigawo chatsopanochi chili ngati katungwe wosatha mphamvu. Ukamukankha pang'ono pa nthawi yake yeniyeni amakwera mowonjezereka, ndipo ukaleka amapitiriza pa msinkhu womwe wafika. Mpata wa 50 Hz ndiwo umamukankha, iye amakula mpaka funde lake litafanana ndi chisokonezo, mpata n'kutha, ndipo amapitiriza kutulutsa fundelo popanda cholowa. Ndi Kr = 1000 ndi Kp yomwe ija, mpata umachepa pafupifupi katatu pa funde lililonse, ndipo pakatha mafunde asanu watsala wosakwana gawo limodzi mwa magawo 100. Sitinakweze mphamvu pa mafirikwensi apamwamba, choncho kukhazikika sikunaonongeke kwenikweni. Umboni wakuti mfundoyi siikondera mbali ndi uwu: tikabweretsanso mavoti 10 osasintha pa chowongolera cha PR, chigawo chatsopanocho sichiyankha, popeza pamwamba pa mzere pali s, ndipo mpata wa 0.95 A umabwerera. Chilichonse chimathetsa chomwe chimafanana nacho. Wofuna kuthetsa zonse ziwiri aike zigawo zonse ziwiri.

Apa oteteza PI amabwera ndi mfundo yawo yolimba kwambiri. Amati ziro ya PR ndi ya papepala, chifukwa firikwensi ya m'mawaya siikhala pa 50 Hz ndendende, makamaka m'madera momwe majenereta ndi ochepa ndipo katundu wolemera akalumikizidwa amaitsitsa. N'zoona. Firikwensi ikatsika kufika 49.5 Hz, mphamvu ya chigawo chija siikhalanso yopanda malire, imatsika kufika pafupifupi 158, ndipo mpata umakhala 0.06 A. Ziro yapita. Komabe 0.06 A ndi yochepa kasanu poyerekeza ndi 0.31 A yomwe PI inapeza itakwezedwa kakhumi. Chofunika kwambiri n'chakuti kulepheraku sikutsutsa mfundo, kukuitsimikiza. Mfundo imalonjeza kupirira kusintha kwa chida chowongoleredwa, monga koyilo, koma siilonjeza kupirira kulakwa kwa chifanizocho. Chifanizo cha 50 Hz si chifanizo cha 49.5 Hz. Pamenepa chounjika chili ndi mwayi womwe PR ilibe: firikwensi ya chinthu chosasintha ndi ziro nthawi zonse, siisuntha, choncho chifanizo chake sichingalakwike. Okonza amathana ndi vutoli m'njira ziwiri. Ena amayeza firikwensi n'kumasintha ω0 chida chikugwira ntchito. Ena amafutukula chigawocho kuti chigwire mafirikwensi oyandikana, podziwa kuti potero ataya ziro yeniyeni n'kulandira mpata wochepa wodziwika.

Palinso odziwa ntchito omwe amati iwo akhala akuwongolera mainveta a mawaya atatu ndi PI wamba, ndipo mpata wa 50 Hz umafika pa ziro. Sakunama, koma sakunena zonse zomwe zili m'chida chawo. Asanapereke karenti ku PI, amaitembenuza ndi masamu omwe Robert Park anafotokoza mu 1929, omwe amaiona kuchokera pa malo ozungulira limodzi ndi funde la m'mawaya. Kuchokera pamenepo funde la 50 Hz limaoneka ngati nambala yosasintha, chounjika chimaithetsa, kenako lamulo limatembenuzidwanso kukhala funde. Zitatuzi zikaphatikizidwa, kutembenuza, kuunjika ndi kutembenuzanso, chotuluka ndi chowongolera chokhala ndi mphamvu yopanda malire pa 50 Hz, chimodzimodzi ndi cholinga cha PR. Chifanizo chilipo, changobisala m'ngodya yozungulira yomwe chigawo cha PLL chimapereka. Njirayi ili ndi ubwino weniweni, wakuti PLL imatsata firikwensi ikasuntha, choncho chifanizo chimadzikonza chokha. Ilinso ndi malire ake omwe mfundo yomweyi imalosera. Mawaya atatu akasiyana voteji, mbali yozungulira chobwerera m'mbuyo imaoneka ngati funde la 100 Hz pa malo ozungulira aja, ndipo PI imalepheranso monga inalepherera poyamba.

Gulu lina limafunsa chifukwa chovutikira ndi zonsezi pamene voteji ya m'mawaya ingathe kuyezedwa n'kuwonjezedwa pa lamulo mwachindunji. Njirayi n'njofunikadi. Voteji ya 230 imafika mavoti 325 pamwamba pa funde, ndipo chowongolera chathu cha PI chitasiyidwa chokha ndi chisokonezo chonsecho, mpata ungapitirire 30 A. Kuyeza n'kutumiza patsogolo kumachotsa gawo lalikulu nthawi yomweyo, popanda kudikira mpata. Koma njirayi siiona zotsatira zake. Choyezera chikalakwa ndi magawo atatu mwa 100, pamatsala mavoti pafupifupi 10, omwe ndi chisokonezo chomwe takhala tikuwerengera chija, ndipo palibe chouza chida kuti chatsala. Chifanizo choikidwa pa njira ya mpata chimaona chotsalacho n'kuchitsata mpaka chitatha. Njira ziwirizi sizipikisana. Yoyamba imapeputsa ntchito, yachiwiri imaimaliza.

Kusamvetsa kwina kumachokera kwa omwe amawerenga mfundoyi ngati kuti 1/s ikapezeka pena paliponse m'dongosolo ndiye zatha. Munthu wowongolera ngodya ya shafti ya mota angati motayo ndi chounjika kale, popeza ngodya ndi liwiro lounjikidwa, choncho Ki siifunika. Pa kutsata lamulo losasintha akunena zoona. Koma katundu akapachikidwa pa shafti n'kumakoka mosalekeza, chisokonezocho chimalowa chounjika cha motayo chisanafike, ndipo kuti shafti iime, chowongolera chiyenera kutulutsa mphamvu yosasintha yobweza katunduyo. Popanda chounjika chakechake, chimafunanso mpata. Chifanizo chiyenera kukhala pakati pa mpata ndi malo olowera chisokonezo. Pali malire enanso awiri omwe chifanizo sichingadumphe. Ngati chida chowongoleredwa sichidutsitsa konse firikwensi imeneyo, monga thiransifoma yomwe siidutsitsa voteji yosasintha, chifanizo chimangokula popanda kufika. Ndipo ngati inveta ilibe voteji yokwanira kubweza chisokonezo, chounjika ndi chigawo cha PR zonse zimakula mosalekeza, n'chifukwa chake zonse ziwiri zimafuna malire oikidwa dala.

Pali funso lomwe silinathe, ndipo sindikuganiza kuti masamu okha angalithetse: tiike zifanizo zingati? Magetsi a m'mawaya sali funde limodzi. Muli la 250 Hz, la 350 Hz ndi ena, ndipo PR yathu ya 50 Hz imasiya 0.79 A pa mavoti 10 a 250 Hz. Tingaike chigawo pa funde lililonse, kapena kutsata njira yomwe akatswiri a ku Japan, a Inoue ndi a Nakano ndi anzawo, anaonetsa mu 1981, yosunga funde lathunthu n'kulibwereza kuti chikhale chifanizo cha mafunde onse obwerezabwereza. Koma chigawo chilichonse chowonjezedwa chimadya kukhazikika, makamaka chikayandikira firikwensi yomwe kuchedwa kwa kompyuta kwayamba kuluma, ndipo chimakulitsa zisokonezo zina zogwera pakati pa mafirikwensi osankhidwawo. Pamenepa oteteza kuphweka ali ndi mawu oyenera kumvedwa. Ngati malamulo a kulumikiza inveta amalola mpata wina wake, ndipo PI yophweka imaukwanitsa, palibe chifukwa chothamangitsira ziro.

Chomwe sindingavomereze n'kusakaniza zinthu ziwirizi. Kunena kuti mpata wochepa n'ngokwanira pa ntchito inayake ndi chisankho cha wokonza, ndipo nthawi zambiri n'chanzeru. Kunena kuti chounjika chithetsa funde tikangochikweza mokwanira n'kulakwa, ndipo kumataya nthawi ya amisiri omwe amasintha Ki mobwerezabwereza pofunafuna ziro yomwe kapangidwe ka chowongolera chawo sikangapereke. Wokonza ayambe ndi kuyeza mpata wotsala n'kuona maonekedwe ake. Ukakhala wosasintha, pafunika chounjika, ndipo chikhale pamalo oyenera. Ukakhala funde la firikwensi yodziwika, pafunika chifanizo cha fundelo, kaya poyera m'chigawo cha PR kaya chobisika m'malo ozungulira, pamodzi ndi njira yochisunga pa firikwensi yolondola. Ukakhala wopanda maonekedwe obwerezabwereza, palibe chifanizo chingaumalize, ndipo chomwe chatsala n'kugawa mphamvu ya chowongolera mosamala pakati pa mafirikwensi, podziwa kuti kuchepetsa pena n'kukulitsa pena.